Phunziro 17: Nkhani ya Mwana m'Kamwa mwa Munthu Wamkulu

Nkhani imodzi yomweyo imamveka mosiyana ikasimbidwa ndi anthu awiri. Mwana amene waona ngozi amafika pakhomo ali wefuwefu, mau ali kupikisana m'kamwa mwace, ndipo amayamba ndi cinthu cimene camuopsya koposa. Munthu wamkulu posimba nkhani yomweyo pabwalo amayamba wakhala pansi, nayang'ana omvera ace, naika cinthu ciri conse pa malo ace. Wophunzira wa m'makalasi apamwamba ayenera kudziwa kutenga nkhani yocokera m'kamwa mwa mwana ndi kuilemba monga angaisimbire wamkulu, osataya coona ngakhale cimodzi.

Nayi nkhani ya mnyamata wa zaka zisanu ndi zinai, wa m'mudzi wina wa m'dera la Katete, monga anaisimbira iye mwini:

"Ife tinapita kukakumba mbewa kuja kumunda kwa ambuye. Ndiye tinali atatu, ine ndi akulu anga ndi mnzanga uja wa cipsera pamphumi. Ndiye udzu unali wambiri, mauna osaoneka, ndiye tinatentha. Basi moto uja unathawa! Unangoti phuu! Ndiye tinathyola nthambi, kumenya, kumenya, osazima. Nkhokwe inapsya. Ai, poyamba kunabwera kamvulumvulu. Ndiye ine ndinathamanga kukaitana amama kudimba, munga unandilasa koma sindinaumve konse. Ndiye anthu anabwera ndi mitsuko. Mbewa zanga zinali zisanu ndi ziwiri, ndinazisiya pa citsa, zinapsya zonse. Ambuye sanakalipe. Anangokhala pansi, ali kutola cimanga cakupsya ndi kuika m'nsaru yao."

Nkhaniyi iri ndi moyo, ndipo munthu woimva amauona motowo ndi maso. Koma mlendo sangaimvetse yonse. Mwanayo akuti "kuja kumunda" ndi "mnzanga uja," cifukwa m'maganizo mwace anthu onse amadziwa munda umenewo ndi mnzace ameneyo. Mau akuti "kuja" ndi "uja" ali ngati cala colozera. Amathandiza okhawo amene analipo. Tsono nchito yoyamba ya wosimba wamkulu ndiyo kucotsa calaco ndi kuika mau m'malo mwace: inali nyengo yanji, mundawo unali kuti, ndipo nkhokwe inali potalika bwanji ndi munda. Pomwepo "ine" asanduka "mnyamatayo," "ife" asanduka "anyamata atatuwo," ndipo "amama" asanduka "mai ace." Ulemu wokha susintha. Gogo uja akhalabe "ambuye ao," ndipo za iwo zinenedwa ndi mau aulemu kufikira pa mapeto.

Nchito yaciwiri ndiyo yobvuta, ndipo ophunzira ambiri amagwa pamenepa. Mwanayo wanena "ndiye" kasanu ndi kamodzi. Liu limeneli limangolumikiza zinthu monga mikanda pa ulusi, osanena ngati cina cinacitika cifukwa ca cinzace. Wosimba wamkulu amaima pa "ndiye" ali yense nadzifunsa: kodi pano pali nthawi, kapena cifukwa, kapena kutsutsana? Pamene mwana akuti, "Udzu unali wambiri, mauna osaoneka, ndiye tinatentha," pali cifukwa, ndipo wamkulu adzati, "Popeza udzu unabisa mauna, anautentha." Pamene akuti, "Ndiye tinathyola nthambi," pali nthawi, ndipo wamkulu adzati, "Ataona kuti moto wakula, anathyola nthambi." Zinthu zikatsatana msangamsanga, ndipo wozicita ali mmodzi yemweyo, Cinyanja ciri ndi njira yace yaifupi: "anathamanga, nafika kudimba, napfuula." Kaneneredwe aka ka "na-" ndiko kamene kamapatsa nkhani mayendedwe a munthu wamkulu, koma kakacuruka nako kamatopetsa monga "ndiye" yemwe.

Pofunsa mafunso otere, wosimba amapeza kuti mwana wasokoneza dongosolo. Iye watentha nkhokwe asanabweretse kamvulumvulu, kenaka wabwerera kukamtenga. Wamkulu sabwerera m'mbuyo, pakuti adziwa mathero asanatsegule pakamwa. Kamvulumvulu ayenera kufika pa nthawi yace, moto ukali waung'ono, kuti womvera aone cimene cinaulumphitsa.

Pali liu limodzi m'nkhaniyi loyenera kulisamala koposa onse, ndilo "tinatentha." Anatentha ndani? Anyamata atatu sangagwire cikuni cimodzi. Mwana wabisala m'kati mwa "ti-", mwina poopa mkwapulo, mwina pofuna kuchinjiriza mkulu wace. Ndipo pamene akuti "moto unathawa," waupatsa miyendo kuti mlandu ukhale wa moto. Wolemba wosasamala amadzaza mpatawu ndi maganizo ace, nalemba kuti, "Mkulu wace anayatsa udzu," poganiza kuti wamkulu ndiye amatsogolera. Kumeneko ndiko kunamizira munthu. Nkhokwe ikapsya pamakhala mlandu, ndipo pakati pa Acewa atsibweni a mwana wolakwayo ndiwo amaitanidwa kukayankha. Mau a wamkulu amakhulupirika kuposa a mwana, cotero bodza likalowa m'kamwa mwa wamkulu limalemera kawiri. Njira ziripo ziwiri zokha. Ngati mwanayo ali pafupi, afunsidwe mofatsa. Ngati palibe womfunsa, wolemba anene cokhaco cimene cidziwika: "mmodzi wa iwo anayatsa udzu."

Lamulo lomweli likhudza zonse zimene wamkulu awonjezera. Aloledwa kunena zimene munthu ali yense wa m'dzikolo adziwa, monga kuti mbewa zimakumbidwa anthu atakolola, ndi kuti mwezi wa Ogasiti udzu umakhala wouma ndipo mphepo imaomba kolimba. Aloledwanso kunena zimene wafunsa kwa anthu amene analipo. Saloledwa kupanga mau ndi kuwaika m'kamwa mwa ambuye aja, pakuti mwana wanena poyera kuti iwo sanakalipe.

Nanga zotaya ndi ziti? Cipsera ca mnzace cingathe kucoka, popeza sicithandiza nkhani. "Basi" ndi "ai" acoka. Koma mbewa zisanu ndi ziwiri zija zisacoke. Munthu wamkulu angaseke pomva mwana ali kulira mbewa zace pamene cakudya ca caka conse capsya, komatu pamenepo ndipo pamaonekera msinkhu wa mnyamatayo, ndipo nkhani yopanda mbewazo ingafanane ndi kalata ya ku boma. Munga umene sanaumve ukhalenso, cifukwa umasonyeza mantha ace bwino kuposa mau akuti "anaopa kwambiri." Ndipo cimene mwanayo anaona potsiriza, ambuye ali kutola cimanga cakupsya, ndico cuma ca nkhani yonse. Mwana anaciona osadziwa kulemera kwace. Wamkulu acidziwa, ndipo cifukwa cace amacisunga kufikira pa mapeto, nacinena pang'onopang'ono.

Tsopano nayi nkhani ija m'mau a munthu wamkulu, atafunsa za malo ndi nyengo:

"Mwezi wa Ogasiti, anthu atatha kukolola, anyamata atatu a m'mudzi wina wa m'dera la Katete anatenga makasu napita kukakumba mbewa. Awiri anali a mimba imodzi, ndipo wacitatu anali mnzace wa wamng'onoyo. Munda umene anasankha unali wa ambuye ao a abale awiriwo. Unali m'mbali mwa mudzi, ndipo nkhokwe ya ambuyewo inaima pafupi ndi malire ace.

"Anakumba kanthawi, ndipo wamng'onoyo anapha mbewa zisanu ndi ziwiri, naziika pa citsa. Koma popeza udzu wouma unabisa mauna ambiri, mmodzi wa iwo anauyatsa. Poyamba moto unayenda bwino. Mwadzidzidzi kunadza kamvulumvulu, ndipo motowo unangoti phuu, nuloza kumudzi. Ataona kuti wakula, anyamatawo anathyola nthambi zaziwisi nayesa kuuzima, koma unawalaka.

"Wamng'onoyo anathamangira kudimba kumene mai ace anali, ndipo ngakhale munga unamlasa panjira, iye sanaumve. Anthu anadza ndi mitsuko ya madzi, koma pofika anapeza nkhokwe itapsya. Mnyamatayo anakayang'ana pa citsa paja, napeza mbewa zace zonse ziri makala.

"Ambuye ao sanakalipire munthu. Anakhala pansi pambali pa phulusa, nayamba kutola cimanga cakupsya cimodzicimodzi, naciika m'nsaru yao."

Woyerekeza nkhani ziwirizi adzaona kuti "phuu" watsala. Mau otere ofanizira cinthu monga cinamvekera kapena cinaonekera, monga "phuu," "zii" ndi "psiti," si a ana okha. Nkhalamba zodziwa nthano zimawakonda kwambiri. Kusiyana kwace n'kwakuti mwana amawawaza pali ponse, pamene wamkulu amasunga limodzi kufikira pa malo pamene nkhani itembenuka. Adzaonanso kuti ziganizo za wamkulu siziri zazitali zonse. Pamene moto uli kuthamanga ziganizo zifupika, ndipo pamene ambuye akhala pansi mau ayenda mwacifatse.

Ophunzira ena amaganiza kuti ukulu uli m'mau obvuta ndi m'miyambi. Iwo amatsiriza nkhani ngati iyi ndi mwambi wakuti "Mau a akulu akoma akagonera." Mwambiwo ndi wabwino, koma pano ulibe pokhala, cifukwa m'nkhani yonse mulibe wamkulu amene anacenjeza anyamatawo asanapite. Wouikapo wabweretsa cenjezo limene kunalibe, naonjezera mlandu pa ana. Cizindikiro ca nkhani yolembedwa moipa motere ncosabvuta kuciona: ikawerengedwa mokweza pamaso pa mwana mwini nkhani, iye amapukusa mutu nati, "Sizinatero ai." Ikalembedwa bwino amakhala cete, ndipo mwina amangofunsa ngati mbewa zace zachulidwa.

Nchito

1. Pezani "ndiye" ali yense m'nkhani ya mnyamata. Pa ali yense nenani ngati wamkulu waika nthawi, cifukwa, kapena wangomcotsa.

2. Chulani zinthu zitatu zimene ziri m'nkhani yaciwiri koma mulibe m'nkhani yoyamba. Kodi wosimba anazidziwa bwanji?

3. Cifukwa ninji wolemba sanachule amene anayatsa udzu?

4. Pemphani mng'ono wanu kapena mwana wa m'kalasi loyamba kuti akusimbireni cinthu cimene anaona sabata ino. Lembani mau ace monga momwe wanenera, osakonza kanthu. Pa tsamba lina lembani nkhani yomweyo monga angaisimbire atate anu kapena atsibweni anu pabwalo. Mukatha, muwerengereni mwanayo, ndipo lembani pansi pace zonse zimene iye wakana.