Akachira n'kumagona chokhala, vuto lingakhale mtima

Tiyerekeze mayi wa kwa Magodi, wazaka 34, amene wachira mapasa, ndipo iyi inali mimba yachisanu. Patatha masabata atatu, miyendo ikutupirabe. Akakanikiza chala pamwendo, pakutsala kadzenje. Akagona chagada akubanika, motero akugona chotsamira khoma. Pakati pa usiku akudzidzimuka ali wefuwefu, akutsokomola makhololo a thovu. Apongozi akuti ndi mdulo, bambo akugula mankhwala a chifuwa pagolosale, masiku n'kumapita.

Chikumuvuta ndi mtima. Pali matenda amene amafooketsa mnofu wa mtima mwezi womaliza wa pakati kapena m'miyezi isanu mayi atachira, ngakhale sanadwalepo mtima. Mtima ukalephera kupopa bwino, madzi amadzadza m'mapapo ndi m'miyendo. Munthu akagona, madzi a m'miyendo aja amabwerera pachifuwa, n'chifukwa chake kubanika kumakula usiku. Matendawa amakonda kugwira amayi opitirira zaka 30, obereka kambiri, a mapasa, ndi amene bipi inakwera ali oyembekezera. Ku South Africa amapezeka mwa mayi mmodzi pa amayi pafupifupi 1,000 obereka.

Chosocheretsa n'chakuti kutupa ndi phuma n'zozolowereka pamimba. Kutupa kwa mimba kumaphwa pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mwana atabadwa. Kwa mtima kumawonjezeka, ndipo kumadza ndi kulephera kugona chagada komanso mtima kugunda mothamanga. Zikatero musadikire tsiku la sikelo. Pitani kuchipatala lomwelo, mukanene momveka kuti, “Ndikagona ndikubanika, ndipo ndangochira kumene.”

Kuchepa kwa magazi ndi chifuwa chachikulu nazonso zimabanikitsa, choncho achipatala amayeza zimenezi. Chotsimikizira ndi kuunika mtima pamakina, ndipo mwina mungatumizidwe ku Lundazi, ku Chipata kapena ku Lusaka. Mtima wabwino umatulutsa magazi opitirira theka la amene ali m'chipinda chake chachikulu pakugunda kulikonse. Wodwala matendawa umatulutsa osakwana magawo 45 pa 100.

Mankhwala alipo. Fulosemaidi amakodzetsa kuti madzi achoke, pamene enalapulilo amapeputsira mtima ntchito, koma uyu samwedwa mayi akadali ndi pakati chifukwa amavulaza mwana. Mchere uchepe m'ndiwo. Kwa pafupifupi theka la odwala, mtima umabwerera mwakale, kawirikawiri m'miyezi isanu ndi umodzi. Ena amakhala pamankhwala moyo wonse, ena amamwalira, makamaka ofika mochedwa.

Kutupa kukatha musasiye mankhwala, chifukwa madzi amachoka msanga mtima usanalimbe. Musatengenso pakati musanaunikidwe kachiwiri. Ngati mtima sunafike magawo 50 pa 100, mimba ina ikhoza kupha mayi, ndipo ngakhale wochira bwino matendawa akhoza kumubwerera. Bambo apite nawo kuchipatala, akasankhire limodzi njira yolerera yoyenera wodwala mtima.