Chingwe n'chimodzi, koma makokedwe ndi awiri

M'mafunso ambiri a fizikisi timauzidwa kuti gudumu la pule lilibe kulemera. Zikatero, chingwe chimakoka ndi mphamvu yofanana mbali zonse ziwiri. Koma gudumu lenileni, monga lachitsulo lomwe amisiri amakwezera ndowa za matope pomanga nyumba, limalemera ndithu. Lero tione zomwe zimasintha tikawerengera kulemera kwa gudumulo.

Tiyerekeze kuti takoleka chingwe pa gudumu, ndipo kunsonga zake tamangako miyala iwiri, wina wolemera kuposa unzake. Chipangizo chotere anachifotokoza George Atwood wa ku Mangalande m'chaka cha 1784. Tikasiya miyala ija, wolemera umatsika, wopepuka umakwera, ndipo gudumu limayamba kuzungulira mofulumirafulumira.

Gudumu lolemera silingayambe kuzungulira lokha. Limafuna mphamvu yopotokola yomwe timaitcha toki. Toki timaipeza pochulukitsa mphamvu yokoka ndi mtunda wochokera pakati pa gudumu kufika m'mphepete mwake, womwe timaulemba R. Chingwe cha mbali ina chimafuna kuzunguza gudumu cha uku, cha mbali inayo cha uko. Makokedwe awiriwa akanakhala ofanana, akanathetsana, ndipo gudumu lomwe laima likanangoimabe. Choncho mbali ya mwala wolemera iyenera kukoka kwambiri.

Nakonso kukanika kwa gudumu kusintha mazunguliridwe ake kuli ndi dzina: momenti ya inesha, yomwe timailemba I. Kwa gudumu lodzaza ngati chimbale, lolemera M, timapeza I = ½MR².

Tsopano tiike manambala. Mwala waukulu ukhale makilogalamu 3, waung'ono kilogalamu 1, gudumu makilogalamu 2, ndipo R ikhale mamita 0.1. Titenge g = 10 m/s² kuti masamu apepuke. Makokedwe a kumwala waukulu tiwatche T₁, a kumwala waung'ono T₂, ndipo kuwonjezeka kwa liwiro la miyala tikutche a.

Zinthu zoyenda zilipo zitatu, ndipo chilichonse timachilembera mzere wake. Mwala waukulu ukutsika, choncho 30 − T₁ = 3a. Mwala waung'ono ukukwera, choncho T₂ − 10 = 1a. Pa gudumu timalemba (T₁ − T₂)R = Iα, pomwe α ndi kuwonjezeka kwa liwiro lozungulira. Ngati chingwe sichikuterereka, m'mphepete mwa gudumu mumayenda limodzi ndi chingwe, ndiye α = a/R. Tikalowetsa izi, R amachoka yense ndipo timatsala ndi T₁ − T₂ = ½Ma, zomwe pano ndi 1a.

Tikaphatikiza mizere itatuyi, T₁ ndi T₂ amathetsana, n'kutsala 20 = 5a. Ndiye kuti a = 4 m/s². Onani kuti gudumu la makilogalamu 2 lalowa m'masamu ngati katundu woonjezera wa kilogalamu 1, theka la kulemera kwake. Tikabwerera kumizere yoyamba tipeza kuti T₁ ndi manyutoni 18 ndipo T₂ ndi manyutoni 14. Kusiyana kwa manyutoni 4 ndiko kukuzunguza gudumu.

Wophunzira amene waiwala gudumu n'kulemba T mmodzi amapeza a = 5 m/s² ndi makokedwe a manyutoni 15. Yankholi ndi lolakwa, ndipo vuto lake silithera pa kutaya malikisi. Atasankha ulusi womwe umaduka pa manyutoni 16 poganiza kuti ukwanira, ungaduke mbali ya mwala waukulu, poti kumeneko kuli 18.

Yankho lanu mungathe kuliyesa nokha. T₁ ayenera kuchepera kulemera kwa mwala waukulu, komwe ndi manyutoni 30, apo ayi mwalawo sungatsike. T₂ ayenera kuposa manyutoni 10, apo ayi mwala waung'ono sungakwere. Komanso T₁ ayenera kuposa T₂.

Mamangidwe a gudumu nawonso ali ndi gawo. Chitsulo chonse chikakhala m'mphepete, ngati limu ya njinga, I amakhala pafupifupi MR². Pamenepo 20 = 6a, ndipo a amatsika kufika pa 3.3 m/s², ngakhale kulemera kwa gudumu sikunasinthe.

Mukamayesa m'labotale, yembekezani kuti miyala iyenda mochedwerapo kuposa masamu, chifukwa cha kukhulana kwa gudumu ndi mtanda womwe likuzungulirapo. Lembaninso chizindikiro cha choko pa chingwe ndi pa gudumu pomwe zakhudzana. Zizindikirozi zikasiyana chingwe chisanachoke pa gudumu, ndiye kuti chikuterereka, ndipo α = a/R sagwiranso ntchito.

Ntchito ya kunyumba nayi: sungani miyala yomweyo, koma gudumu lodzaza likhale makilogalamu 8. Pezani a, T₁ ndi T₂, kenaka muone ngati kusiyana kwa T₁ ndi T₂ kukufanana ndi ½Ma.