Ntchito ziwiri zabwera pamodzi, atenge iti?

Funso: Bambo wina wa ku Kanyama, dalaivala, wakhala akusakasaka ntchito m'nyuzipepala ndi pa mageti a makampani kwa miyezi. Tsopano zapezeka ziwiri: yokhazikika mu Lusaka ya malipiro ochepa, ndi kontrakiti ya zaka ziwiri ku Solwezi ya ndalama zambiri. Atenge iti?

Yankho: Bamboyu asathamangire malipiro okha. Lamulo la ntchito la 2019 limati womaliza kontrakiti yotere alandire ndalama yotsanzikira yosachepera 25 peresenti ya malipiro oyambira, osati a pamodzi ndi alawansi. Aone bwino ngati zalembedwa m'kalatamo, afunsenso ngati abwanawo amaperekadi za NAPSA.

Kenako achotse lendi ya ku Solwezi, poti banja likatsala ku Kanyama adzalipira nyumba ziwiri. Ngati kampaniyo sipereka pogona, ya mu Lusaka ndiyo yabwino.