Kujambula malo a ngozi: zoyenera ndi zosayenera

Tiyerekeze kuti njinga yamoto ya kabaza yawombana ndi lole yonyamula khofi pa kona ya msewu wochokera ku Kapoka kukwera ku Misuku. Ovulala apita nawo kuchipatala, apolisi ali kutali, kumwamba kwada. Inu a chitetezo cha m'mudzi lipoti mwalemba, chatsala ndi chojambula.

Choyenera: Jambulani ngati mukuyang'ana muli pamwamba: msewu mizere iwiri, lole kabokosi, kamuvi kutsogolo kwake. Mbali imodzi lembani "ku Kapoka", inayo "ku Misuku".
Chosayenera: Kungoti "kumanja" kapena "kumanzere". Kumanzere kwa wokwera ndi kumanja kwa wotsika, ndipo popeza m'Malawi timayenda kumanzere, mlandu wonse ungagone pomwepo.

Choyenera: Sonyezani kotsetsereka. Pepala ndi lathyathyathya pamene Misuku ndi mapiri okhaokha, choncho ikani muvi wolembedwa "kutsika", ndipo lembani mbali yomwe kuli phompho ndi yomwe kuli chikhoma chotchinga maso.
Chosayenera: Kuwongola kona kuti ikwane papepala. Woliwerenga ali ku Chitipa boma adzadabwa kuti anthu awiri analephera bwanji kuonana pamsewu wowongoka.

Choyenera: Yezani kuchokera pa zinthu ziwiri zosasuntha, monga ngodya ya kalavati ndi tsinde la mtengo waukulu. Tinene kuti ziwirizi zatalikirana mamita 10, ndipo tayala lakutsogolo la njinga lili mamita 6 kuchokera pa kalavati, mamita 8 kuchokera pamtengo, cha kumbali ya phompho. Aliyense wobwera ndi tepi mawa adzapeza malowo, ngakhale mvula itakokolola zonse. Muyezo umodzi sukwana, chifukwa mamita 6 kuchokera pa kalavati angakhale mbali ina iliyonse.
Chosayenera: Kuyezera pa mulu wa mchenga, pa nthochi, kapena pa lole yomweyo, yomwe madzulo ikhala itachoka. Ngati tepi palibe, werengani mapazi, koma lembani kuti ndi mapazi ndiponso a ndani. Musawasandutse mamita mongoganizira.

Choyenera: Ikani zilembo, matanthauzo ake pansi: A lole, B njinga, C magalasi osweka, D pomwe matayala anakhwekhwereza. Zilembozi zikhale zomwezo mu lipoti.
Chosayenera: Kudzaza nkhani pachojambula, kapena kulemba "wolakwa" pambali pa kabokosi. Imeneyo ndi ntchito ya khoti.

Choyenera: Ngati anthu anakokera njinga pambali pothandiza wovulala, jambulani pomwe mwaipeza ndi mzere wathunthu, pomwe akuti inagwera ndi mzere woduladula, n'kulemba amene wanena.
Chosayenera: Kuika X pomwe mukuganiza kuti anawombana inu musanaone, kapena kufufuta pambuyo pake wina akabwera ndi nkhani ina. Pomaliza, pansi pa chojambula lembani tsiku, nthawi, dzina lanu ndi mawu oti "sanajambulidwe pa sikelo", musaine ndi bolopeni.