Mwezi wopanda ntchito ana amadyabe

Azakhali,

Ndine mmisiri womanga nyumba, ndimakhala ku Chinsapo mu Lilongwe. Ndinasiyana ndi mkazi wanga woyamba zaka zitatu zapitazo ndipo ana athu awiri amakhala ndi iyeyo. Wamkulu ali sitandade 5 kapena 6, wamng'ono wangoyamba kumene sukulu. Ndinakwatiranso ndipo tili ndi khanda.

Ndalama zanga sizibwera mofanana. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, ndikalipira anyamata ondithandiza, ndimatsala ndi K600,000 pamwezi. Epulo, Novembala ndi Disembala mwina K250,000. Mvula ikakula, Januwale mpaka Malichi, anthu amaimitsa zomanga, ndimangopeza timaganyu ta K50,000 mwezi wonse. Chaka chatha ndinapatsa mkazi wanga woyamba uja K300,000 kanayi konse kudzera kwa mlongo wanga, koma akuti sindisamala ana, ndiye akundiopseza kuti apita kukhoti. Chonsecho iye amagulitsa kaunjika ndipo amapeza ngati K125,000 pamwezi. Mayi anga akuti ndingosiya chifukwa ndalamazo akudya ndi mwamuna wina, komanso ana ndi a kuchikazi, ali ndi amalume awo. Kodi munthu ngati ine, wopanda malipiro a pamwezi, ndizipereka zingati?

Bambo wothedwa nzeru, Chinsapo

Bambo,

Za ndalama tifika, koma ndiyambe ndakufunsani: "sitandade 5 kapena 6" ndiye chiyani? Mwezi uliwonse wa chaka chatha mukuukumbukira ndi ndalama zake, phindu la kaunjika wa mkazi amene munasiyana naye mukulidziwa, koma kalasi ya mwana wanu woyamba mukuchita kuponyera mwala? Munthu amene sadziwa kalasi ya mwana sangadziwenso mtengo wa makope ake, nsapato imene akuvala, kapena kuti yunifolomu inamuthina liti. Nchifukwa chake K300,000 ikuoneka ngati phiri kwa inu, pamene kwa wophikira anawo ndi ndalama ya milungu isanu ndi umodzi basi. Munatumiza kanayi. Miyezi ina isanu ndi itatuyo, mphika unkakhala pamoto ndi ndalama ya ndani?

Tengani kope ndi cholembera tiwerengere limodzi. Inu mumadziwa kuwerengera njerwa ndi matumba a simenti nyumba isanayambe, izi sizingakuvuteni.

Poyamba tipeze chimene mumapeza pachaka, chifukwa munthu wa ntchito ngati yanu sayezedwa ndi mwezi umodzi. Miyezi isanu ndi umodzi ya K600,000 ndi K3,600,000. Miyezi itatu ya K250,000 ndi K750,000. Itatu ya mvula ija ndi K150,000. Zonse pamodzi K4,500,000, ndipo tikagawa ndi miyezi 12 mukupeza K375,000 pamwezi. Amenewa ndiwo malipiro anu, ngakhale palibe bwana amene amakulemberani kapepala. Chenjerani pamenepa: ndalama imene mwini nyumba wakupatsani kuti mukagule simenti, mchenga kapena malata si yanu, musaiwerengere. Koma tinsalu timene munagulira amayi a kunyumba ndi mowa wa Loweruka musazilembe ngati zotayika pantchito. Chochotsa ndi malipiro a anyamata, thiransipoti yopita kuntchito ndi zipangizo zimene zatha.

Kenako tione zimene ana awiriwo amafuna pamwezi. Mitengo yeniyeni akuuzeni mayi awo, chifukwa ndi amene amapita kuchigayo ndi kumsika. Ine ndiika yongoyerekeza kuti muone njira yake. Chakudya K110,000. Gawo lawo pa lendi K30,000, pakuti chikhala kuti mayiyo ali yekha bwenzi akukhala m'chipinda chimodzi. Makala, sopo ndi madzi K20,000. Zovala ndi mankhwala K20,000. Za kusukulu, monga yunifolomu, nsapato, makope ndi chikwama, tinene K240,000 pachaka, kutanthauza K20,000 pamwezi. Musandiuze kuti pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994. Chimene chinachoka ndi fizi, nsapato mwana savala zaulere. Zonsezi zikukwana K200,000.

Ndalamayi si yanu nokha yopereka, ndipo apa ndikukuikirani kumbuyo. Mwana ali ndi makolo awiri, aliyense asenze molingana ndi mphamvu zake. Inu K375,000, mayiyo K125,000, pamodzi K500,000. Pa magawo anayi, atatu ndi anu, limodzi ndi lake. Ndiye pa K200,000 ija, inu K150,000, iye K50,000. Pachaka inu mumayenera kupereka K1,800,000, koma munapereka K1,200,000. Munapereweza K600,000, ndipo zimene munaperekazo zinabwera mwadzidzidzi, tsiku limene mtima wanu wakonda. Mayi sangauze mwini nyumba ya lendi kuti adikire mpaka bambo a ana apeze kontirakiti.

Mudzati K150,000 yachuluka poti kuli khanda. Khandalo ndi mwana wanunso, ndipo ndi chifukwa chomveka chokambirana kuti mutsike pang'ono, kaya kufika K130,000. Koma pokambiranapo kumbukirani kuti K50,000 ya mayiyo sinawerengere kuchapa, kuphika, ndi kugona pabenchi kuchipatala mwana akadwala malungo. Mukanati mulembe wantchito wochita zimenezo, mukanamulipira zingati? Kukwatiranso munasankha nokha, ana awiri aja sanafunsidwe.

Funso lanu lenileni ndi lakuti K150,000 mudzaipeza kuti mu Febuluwale, mwezi wa K50,000. Yankho ndi lakuti ya Febuluwale imapezeka mu Julayi. Mlimi amakolola kamodzi pachaka koma banja limadya miyezi yonse chifukwa pali nkhokwe. Inunso mangani nkhokwe ya ana. K150,000 pa K375,000 ndi chimodzimodzi K4,000 pa K10,000 iliyonse. Choncho ndalama iliyonse yanu ikalowa m'manja, tsiku lomwelo, musanadutse pagolosale, chotsani K4,000 pa K10,000 iliyonse muike padera. Mwezi wa K600,000 mwachotsa K240,000: mwatumiza K150,000, yatsala K90,000. Miyezi isanu ndi umodzi yotere nkhokwe ili ndi K540,000. Miyezi itatu ya K250,000 mumachotsa K100,000, ndiye mumatapa K50,000 mwezi uliwonse kuti zikwane. Miyezi itatu ya mvula mumachotsa K20,000, nkutapa K130,000 mwezi uliwonse. Werengani nokha: K150,000 kuphatikiza K390,000 ndi K540,000 yomwe ija. Pofika kumapeto kwa Epulo nkhokwe yatha, Meyi ntchito yayambanso, ndipo ana sanaphonye mwezi ngakhale umodzi.

Njirayi imagwa pamalo awiri. Koyamba ndi posungira. Ndalama ya ana ikakhala mufoni yomwe mumagulira mayunitsi, siifika Disembala. Itsegulireni akaunti yakeyake kubanki, kapena nambala ina ya Airtel Money kapena Mpamba imene simuyenda nayo m'thumba. Ngati mumadzidziwa kuti ndalama imakuyabwani m'manja, gawo lina lisandutseni chimanga nthawi yokolola, pamene thumba la makilogalamu 50 limatsika mtengo, muthire mankhwala a anankafumbwe, mukalitule kwa anawo. Koma mugwirizane kaye ndi mayi awo kuti matumbawo achotsedwa zingati pa ndalama ya pamwezi, osangotulukira ndi chimanga nkumati nkhani yatha. Ana sadya nsima yopanda ndiwo.

Kwachiwiri ndi mitengo. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inkakwana mwezi wathunthu inayamba kuthera panjira. Choncho chaka chilichonse, ndinganene mu Ogasiti sukulu isanatsegulire ndipo inu muli ndi ndalama, khalani pansi muwerengenso zonse ziwiri: zimene mwapeza miyezi 12 yapitayo ndi zimene ana akufuna tsopano. Chaka chikakuyenderani bwino, gawo la ana likwere. Mukagwa pamakwerero nkukhala miyezi itatu osagwira ntchito, nenani msanga, musazimitse foni.

Mlongo wanu mumuchotse pakati. Sindikuti amabenthulako, ngakhale ndamva zambiri zotero, koma ndalama yodutsa m'manja mwa munthu siisiya umboni, ndipo imafika limodzi ndi mawu amene inu simunatume. Tumizani pafoni ya mayi a ana tsiku limodzi lokhazikika, kaya pa 5 mwezi uliwonse, muonjezere ndi yotapira, ndipo uthenga wotsimikizira muzisunga. Zimene mwagwirizana zilembedwe: ndalama zingati, tsiku liti, adzalipira ndani mwana akagonekedwa m'chipatala. Asaine ndi mboni za mbali zonse, kaya ankhoswe, kaya a ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ya paboma.

Khoti musaliope ngati chilombo, koma musalipeputse. Gawo 23 la malamulo aakulu a dziko lino limati mwana ali ndi ufulu wosamalidwa ndi makolo ake, kaya ali pabanja, kaya banja linatha, kaya sanakwatirane nkomwe, ndipo kuyambira 2017 mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limapatsa khoti mphamvu yolamula chisamaliro, poona zimene makolo onse awiri amapeza ndi chuma chimene ali nacho, ana ena amene akuwasamalira, komanso kukwera mtengo kwa zinthu kumene mwana akukhala. Mukafika pamaso pa majisitireti ndi kope la ndalama zanu ndi mauthenga a pafoni, adzakumverani. Mukafika ndi mawu akuti "ine sindili pantchito", pamene anthu onse akudziwa kuti ndinu amene mwamanga mpanda wa kuseli kuja, mudzangodzichotsera ulemu.

Tsopano mayi anu. Ndiwapatsa ulemu wa msinkhu wawo, koma alakwitsa kawiri. Kaya mpongozi wawo wakale ali ndi mwamuna wina, kaya alibe, nkhani imeneyo inasiya kukukhudzani tsiku limene banja linatha. Inu amene munakwatiranso mpaka kubereka, mwaletsedwa ndi ndani? Ngati mukukayikadi, kaoneni anawo ndi maso anu: matupi awo, zovala zawo, makope awo. Za umalumezo ndiye zimandinyansa. Mwinimbumba wakale ankayang'anira ana a mlongo wake pamudzi pamene panali munda, ndipo mkamwini ankalima munda umenewo kudyetsa ana ake. Lero mwambo tikuukumbukira pokhapokha pamene ukutipulumutsa kulipira. Agogo omwewa, mdzukulu akadzaphunzira nkuyamba ntchito, adzakhala oyamba kunena kuti ndi magazi athu.

Ndipo izi zimveni nonse amene ndalama zanu zimabwera ndi nyengo. Alimi a fodya amene mumalemera msika ukatsegulidwa ku Kanengo, pofika Disembala muli kukongola feteleza. Asodzi, akabaza, oimba, ogula mbewu m'midzi, amayinso amene ana anatsala ndi bambo awo. Kuwerengera kwake nkomweku: phatikizani za chaka chonse, gawani ndi 12, chotsani gawo la ana tsiku limene ndalama yalowa. Inunso amayi olandira, mwezi umene mwaona bambo a ana agula njinga yamoto musauyese kuti miyezi yonse ndi yotero, ndipo ndalama ikachedwa musatsekere ana m'nyumba kuti asaonane ndi bambo awo. Ngongoleyo kaitsateni kwa ankhoswe kapena kukhoti, anawo apite akacheze.

Azakhali