Kalata yopempha kuonana ndi a DC

Bambo akamwalira, nkhani ya chuma chamasiye imatha kukakamira ku boma miyezi yambiri, mpaka banja n'kuganiza zokaonana ndi a DC eni ake. Pamwamba pa kalata mulembapo udindo wa a DC, inde, koma woyamba kuiwerenga ndi mlembi wawo. Iyeyo ndiye amasunga buku la masiku a bwana, ndipo funso lomwe amakhala nalo ndi limodzi: kodi nkhaniyi singathere kwa ofesala wina? Kalata yanu iyankhe funso limeneli.

Choncho onetsani momwe mwadutsa kale. Mukatha kulemba mutu wa nkhani ndi nambala ya fayilo, ngati muli nayo, mawu ake akhale otere: "Bwana, ndine mkazi wa malemu amene atchulidwa pamwambapa. Kalata ya a T/A ndi chiphaso cha imfa ndidapereka m'mwezi wa Malichi. Ndaonana kawiri ndi ofesala woona za chuma chamasiye, ndipo akuti fayilo ikudikira siginecha yanu. Ndikupempha mphindi khumi zoti ndikuoneni, Lachiwiri kapena Lachinayi lililonse. Ndibwera ndi mlamu wanga mmodzi." Pansi pake dzina lanu, mudzi, mfumu yaikulu ndi nambala ya foni yomwe imakhala yotsegula. Tsamba limodzi lakwana. Za achibale olanda katundu, ngakhale zikuwawa, musadzazire m'kalatamo.

Ambiri amalakwitsa polemba kuti "nkhaniyi ndi yachinsinsi, ndidzafotokozera bwana okha." Mlembi sangapatule nthawi ya nkhani yomwe sakuidziwa, chifukwa bwana akamufunsa kuti mayiwa akufuna chiyani, asowa choyankha. Kalata yotere imangogona m'thireyi.

Lembani makalata awiri ofanana. Popereka, pemphani kuti akudindireni chidindo cha tsiku pa inayo, mubwerere nayo kunyumba. Phatikizanipo mafotokope okha. Zikalata zenizeni musasiye pa ofesi. Mlembiyo mpatseni moni waulemu, mufunse dzina lake, kenaka munene kuti, "Mayi, ndidzafunsenso liti?" Tsiku limene akuuzanilo lisungeni. Kuimba foni m'mawa uliwonse kumangomutopetsa munthu amene mukumudalira, ndipo "ya fanta" musaitchule n'komwe, chimenecho ndi chiphuphu.

Mudziwa bwanji kuti zikuyenda? Akakuuzani kuti bwana alembapo kuti mukaonane ndi ofesala wakutiwakuti, musakhumudwe ngati akukanani. Kalata yafika, ndipo ofesalayo tsopano akudziwa kuti bwana adzafunsa. Pitani. Koma masabata awiri akatha akungoti "bwana ali ku msonkhano," osatchula komwe kalata ili, lembani ina yachikumbutso ya mizere itatu, mutchule tsiku la pa chidindo paja, muphatikizepo fotokope ya kalata yoyamba. Muiperekenso kwa mlembi yemweyo, osati kukadikirira bwana pa galimoto.