Phunziro 18: Cipinda cinali coyera

Werengani pamodzi ndi a kunyumba.

Amayi ndi mwana wawo wamkazi anacoka ku Ulongwe. Anapita ku mzinda wa Tete kukaona agogo ku cipatala. Kunada asanabwerere. Anakagona ku nyumba ya alendo. Nyumba yotere ena amati pensau. Mlendo amalipira ndalama, ndipo amamupatsa cipinda ndi mfungulo.

Amayi analowa m'cipinda. Sanagone msanga. Anayamba ayang'ana pansi. Panali posesa bwino. Ananunkhiza nsalu za pa kama. Zinali kununkhira sopo. Kenaka anatukula matiresi ndi kuyang'ana m'misoko mwake.

"Mukufuna ciani, amayi?" anafunsa mwana.

"Nsikidzi, mwanawe. Zimabisala m'misoko, ndipo zimasiya timadontho takuda. Ona, muno mulibe."

Neti ya udzudzu inalibe ciboo. Amayi anakondwa, cifukwa Tete ali m'mbali mwa mtsinje wa Zambezi, ndipo udzudzu ndi wambiri.

Ku Tete kumatentha kuposa ku Ulongwe. Mwana anamva ludzu. Amayi anapita kwa bambo wolandira alendo.

"Zikomo bambo, tipempheko madzi akumwa."

Bamboyo sanayankhe. Amayi anapemphanso. Iye anakalipa nati, "Simukuona kuti ndatanganidwa?" Madzi anabwera patapita ola limodzi. M'mawa amayi anapatsa moni mayi wosesa. Iyenso sanayankhe.

Pa khomo panali buku lalikulu. M'bukumo alendo amalemba zimene aona. Mwini nyumba amawerenga. Alendo ena amawerenganso asanalipire.

Mwana anali atakwiya. Anati, "Amayi, lembani kuti anthu a pano ndi zitsiru. Lembani kuti zonse ndi zoipa."

"Kodi kama anali woipa?"

"Iyayi."

"Nanga nsikidzi zinakuluma?"

"Iyayi, ndinagona bwino."

"Tsono tikalemba kuti zonse ndi zoipa, tanama. Wina anacapa nsalu zija ndi manja ake."

Mwana anaganiza pang'ono. "Koma bambo uja anakukalipirani!"

"Inde, ndipo cimeneco sitibisa. Tilemba mawu amene ananena. Liwu lakuti citsiru ndi mwano. Mwini nyumba akaliwerenga, sadziwa coti akonze. Akawerenga za madzi, adziwa."

Amayi anatenga colembera. Analemba motere:

"Ndinagona pano usiku umodzi ndi mwana wanga, m'cipinda 4. Cipinda cinali coyera. Nsalu zinali zocapa, nsikidzi munalibe, neti inali yabwino. Koma anchito sanatilandire mwaulemu. Ndinapempha madzi akumwa kawiri. Wolandira alendo anandikalipira, ndipo madzi anabwera patapita ola limodzi. M'mawa ndinapereka moni, koma sanandiyankhe. Ndikupempha eni nyumba alankhule ndi anchito awo. Mlendo wobwera ndi mwana atenge madzi ake."

Amayi sanalembe za cakudya, cifukwa sanadye pamenepo. Sanalembenso kuti bamboyo amakalipa masiku onse. Iwo anamuona usiku umodzi wokha.

Atafika ku Ulongwe, azakhali anabwera kudzafunsa. Iwonso anafuna kukaona agogo, ndipo anali ndi khanda. Ndalama zawo zinali zokwana usiku umodzi basi.

"Kodi ndikagone kumene munagona kuja, mlamu?"

Amayi anawauza zonse ziwiri, za cipinda ndi za madzi. Azakhali anati, "Khanda langa lifuna neti yopanda ciboo. Ndikagona komweko. Madzi ndinyamula m'botolo."

Mawu atsopano

Mlendo: munthu wocokera kwina.
Ulemu: kulankhula ndi kucita bwino kwa anzathu.
Mwano: mawu onyoza munthu.

Chulani ndi kuomba m'manja

ci-pi-nda
u-le-mu
nsi-ki-dzi

Yankhani

1. Amayi anayang'ana kuti pofuna nsikidzi?
2. Amayi anapempha madzi kangati?
3. Cifukwa ciani sanalembe za cakudya?
4. Azakhali anaganiza zonyamula ciani?

Sankhani

Mverani ziganizo izi. Ngati cikunena zimene zinacitika, imikani dzanja. Ngati ndi mwano, pindani manja.

"Bambo uja ndi citsiru."
"Bambo uja anakalipira amayi."
"Mayi wosesa ndi wacabecabe."
"Mayi wosesa sanayankhe moni."

Nchito ya kunyumba

Funsani akulu a kwanu za malo amene anagonako pa ulendo. Akuuzeni cinthu cimodzi cabwino ndi cimodzi cimene cinawadandaulitsa. Jambulani cipindaco m'kope lanu. Mawa mudzauze anzanu m'kalasi.